Timizere ta Mwakipesile

Mayi Tumpale Mwaisumo anagwira ntchito yotayipa m'boma zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo zaka zonsezo palibe bwana ndi mmodzi yemwe amene anawafunsapo maganizo awo. Zimenezo sizinawadandaulitse. Anatayipa malipoti a misonkhano yokambirana tsiku la msonkhano wina, makalata oyankha makalata amene anasowa, ndi malamulo oletsa zinthu zimene anthu anali atasiya kale. Tsiku lopuma ntchito anawapatsa chitenje ndi kalata yowathokoza, imene anaitayipa okha dzulo lake.

Anabwerera kukanyumba kawo kumtunda kwa tauni, n'kuyamba kusamalira nthochi ndi ng'ombe imodzi ya mkaka. Koma sipanathe zaka zitatu, ofesi yoona za mitsinje inawatumizira uthenga. Kunabwera ntchito yolowetsa m'kompyuta makaundula akale a madzi. Achinyamata amene anawalemba poyamba anali ndi zala zothamanga, koma malembo olumikiza a anthu akale ankangowayang'ana ngati mapazi a nkhuku pamatope. Wina anakumbukira kuti kumtunda kuli mayi amene anaphunzira kulemba mwachidule nthawi imene mabwana ankalankhula akuyendayenda.

Anawapatsa tebulo pafupi ndi zenera, kompyuta, ndi zithunzi za makaundula khumi ndi asanu ndi limodzi a mtsinje wa Lukwego. Mabuku enieniwo sanawaone. Kampani ina inali itawajambula tsamba ndi tsamba, n'kuwabweza kusitolo yosungira katundu wa ofesi. Onse analembedwa ndi dzanja limodzi, la munthu wotchedwa Anyosisye Mwakipesile, amene kuyambira mu 1963 mpaka mu 1994 ankatsikira kumtsinje m'mawa ndi madzulo kukawerenga pamene madzi afika pa thabwa la manambala.

Kaundula aliyense anali ndi dongosolo limodzi. Tsamba lamanzere linali ndi magawo atatu otsika: tsiku, nthawi, ndi kukwera kwa madzi. Gawo lachitatulo linkathera pamsoko wa buku, pamene masamba amapindikira mkati. Tsamba lamanja linali la nyengo, ndemanga ndi dzina la wolemba. Tsiku lililonse linkatenga mizere iwiri. Mawu akakhala omwewo a mzere wapamwamba, Mwakipesile ankaika timizere tiwiri tating'ono, tija akale ankati dito, kutanthauza kuti zomwezo. Mvula, timizere, timizere, timizere. Dzina lake ankalilemba pamzere woyamba wa tsamba, kenako timizere mpaka pansi.

Lamulo la ofesi pa timizereti linali lachidule: ukatiwona, kopera zimene zili pamwamba pake. Masamba amanja ofesi inati ngosafunika, poti kompyuta imadya manambala okha. Mayi Tumpale anavomera mwaulemu, n'kumawatayipa ndithu. Vuto linali loti wojambula anajambula tsamba lililonse palokha, ndiye lamanja linalibe tsiku. Iwo ankawerenga mizere kuchokera pamwamba, atatsamiritsa kachidutswa ka katoni pagalasi la kompyuta, kuti ndemanga iliyonse igwere pa tsiku lake. Pambali anali ndi kope la ana asukulu, mmene ankalembamo chidule chilichonse cha Mwakipesile, ndi buku ndi tsamba pamene anachipeza koyamba. Chimene sanachione bwino sankachilemba. Ankasiya malo, n'kuika chizindikiro chofunsa.

Anatero miyezi isanu ndi inayi. Munthu amene sanamuonepo anayamba kumudziwa kuposa abale ena. Anadziwa chaka chimene anasiya inki n'kuyamba bolopeni. Anadziwa sabata imene muyeso wa mafiti unasanduka wa mamita, poti Mwakipesile analemba zonse ziwiri mwezi wathunthu, osakhulupirira boma. Anadziwa masiku amene anadwala malungo, poti nambala 7 inkagwada. Tsiku limene mwana wake anamwalira analemba pa ndemanga liwu limodzi lokha, maliro, ndipo madzi a madzulo amenewo analembedwa: 0.84.

Mizere yoposa zikwi makumi awiri ndi ziwiri inalowa. Inatsala khumi ndi umodzi.

Lolemba m'mawa injiniya Kessy anaima kumbuyo kwa mpando wawo. Anali mnyamata wa kumpoto, wa zaka ngati makumi atatu, wa nsapato zowala ndi foni ziwiri. Pa Lukwego pankafunika kumangidwa mlatho, ndipo ojambula pulani ya mlathowo kulikulu ku Dodoma ankadikira nambala imodzi pofika Lachisanu: pamene mtsinje unafika patali kwambiri m'zaka zonse za kaundula. Pa nambala imeneyo ankawonjezerapo mita imodzi, ndipo pamenepo ndi pamene mimba ya mlatho inkadzakhala.

"Mayi, tebulo lanu lili ndi mano ogweluka," anatero Kessy. "Epulo wa 1976. Mwasiya malo khumi ndi amodzi."

"Ndawasiya ndikuona, mwanangu."

"Nanga chovuta n'chiyani? Pa 9 madzulo analemba 4.00. Pansi pake dito, dito, dito, mpaka pa 15 m'mawa. Lembani 4.00 basi, tipite tikamwe tiyi."

"Mtsinje unaima masiku asanu ndi limodzi osakwera osatsika ndi chala chomwe? Mwezi wa mvula?"

"Ayi, mtsinje sunaime. Mdalayo ndiye anaima. Madzi atachuluka anaopa, anakhala pakhonde n'kumajambula timizere. Onse amatero. Ndaonapo kaundula wina wa ku Rukwa, munthu analemba mwezi wonse tsiku limodzi, ndi 31 Juni yemwe."

Mayi Tumpale anavula magalasi oonera patali n'kuvala owerengera. Anali ndi awiri, onse pa zingwe.

"Khalani pansi, bwana injiniya, mukundiphimba kuwala."

Anatsegula chithunzi cha Okutobala wa chaka china. Madzi anali 0.31 masiku khumi ndi asanu ndi anayi otsatizana, ndipo Mwakipesile analemba 0.31 maulendo makumi atatu ndi asanu ndi atatu, nambala iliyonse yathunthu.

"Munthuyu dito ankaika pa mwezi, pa nyengo, pa dzina lake. M'gawo la madzi sanaikepo, kuyambira buku loyamba mpaka lomaliza, kupatula mizere khumi ndi umodzi iyi. Ndiye mundiuze kuti ulesi unamupeza sabata imodzi yokha pa zaka makumi atatu ndi chimodzi?"

"Ulesi suuza munthu tsiku lobwera, mayi."

"Chabwino. Taonani apa."

Anabwerera ku Epulo uja, n'kukulitsa chithunzi mpaka mizere inanenepa ngati nzimbe. Anagoneka kakatoni kawo chotsika, kuchokera pa 4.00. Timizere tonse tinali kunja kwa katoni, kumanja, kufupi ndi msoko wa buku, pamene chithunzi chinali chakuda ndi mthunzi.

"Dito amakhala pansi pa chimene akubwereza. Uyu ankaika pansi penipeni, ngati dzira pansi pa nkhuku. Timizere iti sitili pansi pa 4.00. Tili pansi pa mdima uwu. Mumdimamu muli chinthu chimene analemba, ndipo wojambula wanu sanatambasule buku."

Kessy anawerama, n'kuyang'anitsitsa. Mumdimamo munkaoneka kamchira ka chilembo, kapena mwendo wa mphemvu.

"Ndipo patsamba lamanja," anapitiriza mayiwo, "mzere womwewo walemba ms 1 mwb. Pansi pake timizere, 2, timizere. Mpaka 12. M'kope langa ms ndi msomali, anaulemba wathunthu m'buku lachiwiri pokonza thabwa. Mwb ndi mwembe m'Chiswahili, mtengo wa mango, pamene ankamangirira bwato."

"Ndiye nkhani yatha," anatero Kessy, akuseka. "Ankakhoma misomali, thabwa linali litathyoka. Sankawerenga."

"Thabwa amakhomera pa mango? Msomali umodzi m'mawa, wina madzulo, ngati mankhwala a kuchipatala?"

Foni imodzi ya Kessy inalira, inzake n'kuyankhira. Anaimirira.

"Mayi, ine ndimakulemekezani ngati mayi anga. Koma Lachisanu nditumiza 4.00, kaya tebulo lanu lili ndi mano kaya lilibe."

"Tumizani ndi dzanja lanu. Langa silinalembepo chimene maso sanaone. Ndipatseni buku."

Buku linali m'sitolo, ndipo sitoloyo inali masitepe khumi ndi awiri kuchokera pa tebulo lawo. Mayi Tumpale ankatha kuona loko wake atakhala. Koma kuti katundu wa boma atuluke pankafunika fomu, ndipo fomuyo inkayenera kusainidwa ndi mkulu wa ofesi, Bwana Sanga, kenako kulembedwa m'kaundula wa makalata otuluka, kenako m'kaundula wa makalata olowa. Makaundula onse awiri ankasungidwa ndi munthu mmodzi, amene ankakhulupirira kuti kalata siingatuluke ndi kulowa tsiku limodzi. Mayi Tumpale sanadabwe. Lamulo limenelo analitayipa okha mu 1998, ndipo analitayipa popanda cholakwa.

Bwana Sanga anawerenga fomu kawiri.

"Mayi Mwaisumo, boma linalipira kampani kuti mabuku aja asamagwiridwenso. Tikayamba kuwatsegula, zithunzi zija zikhala za ntchito yanji?"

"Zikhala zotikumbutsa kuti buku liliko, bwana."

Sanga anaganizira yankholo, sanapezemo mwano woti n'kuugwira, ndipo anasaina.

Fomu inatuluka Lolemba, inalowa Lachiwiri, ndipo Lachitatu m'mawa wosunga sitolo, mdala Ngonyani, anatsegula loko.

"Alamu anga," anatero, poti ankawatcha choncho kuyambira kalekale popanda ubale uliwonse, "miyezi isanu ndi inayi mwakhala mukuyang'ana bambo ameneyu pagalasi. Lero mwati mumugwire ndithu?"

"Bweretsani buku lachisanu ndi chiwiri ndi loyamba, inu. Ndipo musanyambite chala potsegula."

Mabukuwo anali aakulu kuposa mmene ankaganizira, achikuto cha nsalu yobiriwira, onunkha utsi wa nkhuni. Mayi Tumpale anapukuta manja pa chitenje. Anatsegula buku lachisanu ndi chiwiri pa Epulo, n'kukanikiza msoko pang'onopang'ono ndi chala chachikulu. Masamba a sabata imeneyo anali okwinyika, ngati pepala limene linanyowa n'kuumitsidwa pamoto. Zimenezo chithunzi sichinaonetse. Ndipo pamsoko, kutsogolo kwa 4.00, panali tilembo tiwiri tothinana: j.k. Timizere khumi ndi kamodzi tinali titandandalika pansi pake, mowongoka ngati asilikali.

Chidule chimenecho m'kope lawo munalibe. Anatsegula buku loyamba, osati pa tsamba loyamba, koma mkati mwa chikuto, mmene wojambula sanajambule poti munalibe manambala. Mmenemo Mwakipesile, ali mnyamata, ndi inki yabuluu, anali atandandalika zidule zake zonse ndi matanthauzo ake, ngati munthu wodziwa kuti tsiku lina mlendo adzafuna kumumva. Chomaliza chinali cha bolopeni, chowonjezeredwa pambuyo pake: j.k., juu ya kipimo. Madzi apitirira muyeso.

Thabwa la pa Lukwego linkathera pa mamita anayi. Kwa masiku asanu ndi limodzi linali pansi pa madzi, ndipo munthuyo analemba zoona zokhazokha: apitirira, zomwezo, zomwezo, zomwezo.

Mayi Tumpale anaika dzanja pa tsambalo. Ngonyani, amene anali atakonza kale nthabwala ina, anaimeza.

Kessy atabwera anawerenga chikutocho ataimirira, kenako anakoka mpando.

"Ndiye 4.00 si pamene madzi anathera," anatero motsitsa. "Ndi pamene thabwa linathera." Anasisita kumaso. "Izi zandiipira kuposa poyamba, mayi. Poyamba ndinali ndi nambala yabodza. Tsopano ndilibe nambala."

"Muli ndi misomali khumi ndi iwiri."

"Ya zaka pafupifupi makumi asanu zapitazo. Mumtengo umene mwina unasanduka makala."

"Mwina. Galimoto ya ofesi ili ndi mafuta?"

Inalibe, koma panapezeka fomu ina. Pofuna kusainira, Bwana Sanga anafunsa funso limene anati ndi la sayansi: ngati mtengo wakula zaka zonsezi, kodi misomali sinakwere nawo? Kessy anafotokoza kuti mtengo umatalikira kunsonga, thunthu limangonenepa, ndipo msomali umakhala pamene unakhomedwa. Sanga anati zimenezo azilembe, kuti zikadzavuta zidzakhale za Kessy.

Lachinayi m'mawa anatsika mapiri, kudutsa minda ya tiyi, mpaka kuchigwa kumene mpunga unali utayamba kufiira ndipo mpweya unali wolemera ngati bulangete lonyowa. Kumbuyo kwa galimoto kunali makina a miyendo itatu oyezera kukwera kwa malo. Mayi Tumpale anali atavala diresi la kutchalitchi. Sanafotokoze chifukwa chake.

Pamudzi wa padoko anawalozera kwa mwana wa Mwakipesile, Mayi Ndimyake, amene anawapeza akuyanika nyemba za koko pamkeka. Anali mayi wamfupi wa mawu aakulu, ndipo atamva kuti alendowo ndi a ofesi ya madzi anaika manja m'chiuno.

"Mwabwera? Bambo anakudikirani mpaka mu 1996. Khalani pansi, mwina mwatopa ndi kufulumira."

Kessy anayang'ana nsapato zake. Mayi Tumpale anapereka moni wonse mwadongosolo, kufunsa za ana, za mpunga, za miyendo, kenako anati, "Achemwali, ine ndine amene ndakhala ndikukopera mabuku a bambo anu. Ndawerenga mzere uliwonse."

"Uliwonse? Pepani. Ife ankatiwerengera mokweza, tinkathawa." Anawayang'anitsitsa. "Ndiye mukufuna chiyani?"

"Mango amene ankamangirira bwato. Alipo?"

"Mango a bambo? Angadule ndani? Anatiuza kuti mtengo umenewo ndi wa boma. Ife timangodya zipatso mobera."

Anawatsogolera kumtsinje. Lukwego tsiku limenelo unali wofatsa, wofiirira, ana akuwoloka madzi ali m'chiuno. Thabwa la manambala linali litapita kalekale. Koma m'udzu munali chipilala chachifupi cha simenti chokhala ndi bawuti pamwamba, chimene akale ankayezerapo thabwalo, ndipo kukwera kwake kunali m'mafayilo a Kessy. Chapamtunda pang'ono panaima mtengo wa mango, thunthu lake loti anthu atatu n'kugwirana manja.

Poyamba Mayi Tumpale sanaone kanthu. Kenako Ndimyake anawagwira dzanja n'kuwazungulitsa mbali yosayang'ana kumene madzi amachokera. Pakhungwa panali timatupsya, ngati mawondo a mwana, m'mizere iwiri. Mzere wamanzere unkakwera, wamanja unkatsika. Ta m'munsi tinali titakwiririka ndi dothi limene mtsinje unasiya zaka zonsezi. Anawerenga toonekera: tisanu ndi tinayi. Kapamwamba kwambiri kanali poti Kessy, amene anali wamtali, anakafika atatambasula mkono.

"Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi," anatero Ndimyake. "Mudzi wonse unathawira kuphiri la tchalitchi. Apa ponse panali nyanja, ng'ombe zikudutsa miyendo m'mwamba. Bambo anazula misomali pa chitseko cha nyumba yathu, akuti chitseko sichikutsekanso kanthu. M'mawa ndi madzulo ankalowa m'bwato, buku atalikulunga m'chikopa cha mbuzi n'kulimanga pamutu. Ndipo kusambira sankadziwa."

"Sankadziwa?" anafunsa Kessy.

"Ngakhale pang'ono. Munthu wa kumapiri uja. Wopalasa anali amayi. Iwo ankagwira nthambi kuti bwato liime, bambo n'kukhoma msomali pamene madzi akhudza khungwa. Amayi ankatukwana ulendo wonse, kupita ndi kubwera, ife tinkamva tili kuphiri. Amati, iwe Anyosisye, ukamira ndikauza boma kuti lidzalere ana ako, tione ngati lidzabwere ndi ufa. Bambo amangoti, gwira bwino, mayi a Ndimyake, ukundigwedezera muyeso."

"Nanga madzi ataphwa?"

"Analembera ofesi kuti abwere ndi makina adzayeze misomali. Kunabwera bwana wina, anadya nkhuku yathu, analemba m'buku ndi inki yofiira, n'kupita."

Mayi Tumpale ankaidziwa inki yofiirayo. Inali patsamba lamanja la Meyi, ndipo anaitayipa miyezi inayi yapitayo osaimvetsa: Ndaona. Wowerenga apewe kulemba zosafunika m'kaundula wa boma.

Kessy anati katupsya si umboni, pafunika aone chitsulo. Ndimyake anaitana mmisiri wa mabwato wa pafupi, amene anabwera ndi kasemasema, n'kukwera pa mtondo wogadabuza. Anasema khungwa la katupsya kapamwamba pang'onopang'ono. Linatuluka khungwa lakuda, kenako thabwa loyera, kenako thabwa lodera ngati lopsa. Anthu anasonkhana kudzaonerera. Kasemasema kanalira mosiyana. Mmisiriyo anapukuta ndi chala, ndipo mkati mwa mtengo munaoneka mutu wa msomali, wakuda, wopindika pang'ono mbali imodzi, pamene nyundo inaphonya bwato litagwedezeka.

Mayi Tumpale anapempha kuti akwere pa mtondo. Anthu anawagwira mikono uku ndi uku, diresi la kutchalitchi likukola khungwa. Anaika chala pa msomaliwo. Kenako anatembenuka n'kuyang'ana kumene chala chawo chinaloza: pamwamba pa madenga a nyumba za padoko, pamwamba pa mikeka ya koko, pamwamba pa mitu ya anthu onse amene anaima pamenepo. Anayesa kuona madzi pamenepo, ndi bwato, ndi munthu wosadziwa kusambira ataimirira ndi nyundo, buku lili pamutu, kuti mzere wa madzulo usakhale wopanda kanthu. Miyezi isanu ndi inayi ankaganiza kuti akumudziwa.

"Wachisanu," anatero. "Pa 11, madzulo."

"Mwadziwa bwanji?" anafunsa Ndimyake.

"Pamzere umenewo analemba mvula yasiya. Ndipo 5 wake ndi wonjenjemera."

Kessy anaimika makina ake pakati pa chipilala ndi mtengo. Anayeza, analemba, anasuntha makina, n'kuyezanso kuchokera mbali ina. Anawerengetsa kawiri papepala, kachitatu pa foni. Nsapato zake zinali zitadzaza matope ndipo sanazione.

"5.62," anatero.

Kwa anthu a pamudzi nambalayo sinkatanthauza kanthu. Iye anafotokoza yekha, ngati akudziuza: mimba ya mlatho ikanakhala pa mamita asanu. Madzi a Mwakipesile akanaumenya m'nthiti, ndi mitengo yonse imene ankanyamula.

"Ndiye bambo analondola?" anafunsa Ndimyake.

"Analondola, mayi."

"Mukanabwera kale mukanawauza okha. Ankakonda kumva zimenezo." Anawerama n'kutola zidutswa za khungwa. "Bowolo mulitseke ndi phula, mtengo wa boma ungawole."

Lachisanu m'mawa kunali msonkhano mu ofesi ya Bwana Sanga, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo Mayi Tumpale anakhala pa msonkhano opanda kope lolembamo zimene ena akunena. Vuto la Sanga linali loti fomu ya ku Dodoma inkafunsa gwero la nambala, ndipo inali ndi mabokosi awiri okha: thabwa, kapena makina odzilembera. Bokosi la msomali munalibe. Anaganiza zopempha chilolezo chowonjezera bokosi, chimene chikanatenga miyezi itatu. Kessy anati nambala ikupita lero, ndi zithunzi za mtengo, ndi dzina lake pansi. Sanga atamva kuti dzina likhala la Kessy anaona kuti maganizowo ngabwino, ndipo anawonjezera kuti ofesi yake yakhala ikulimbikitsa kufufuza mozama.

Kenako anatembenukira kwa mayiwo.

"Nanga inu, Mayi Mwaisumo, mukuona bwanji?"

Mayi Tumpale anayang'ana kumbuyo, kuti mwina pali Mayi Mwaisumo wina.

"Ine ndikuona kuti masamba onse ajambulidwenso pamsoko, bwana. Ndi zikuto zomwe. Za mitsinje yonse."

Sanga anati nkhani imeneyo ikambidwa pa msonkhano wina.

Nambala inapita masana, isanakwane 2 koloko. Ojambula mlatho anayankha ndi mzere umodzi, kufunsa ngati 5.62 si kulakwitsa potayipa. Kessy anabweretsa foni kwa Mayi Tumpale kuti awerenge okha, ndipo iwo anangovula magalasi ena n'kuvala ena. Kessy anayankha uthengawo kuti ayi, wotayipa wathu salakwitsa, kwezani mlatho.

Atatsala okha, anatsegula tebulo lawo pa Epulo wa 1976. Mumzere wa pa 9 madzulo anawonjezera j.k. kutsogolo kwa 4.00. M'mizere khumi ndi umodzi yopanda kanthu ija sanalembemo 4.00, ndipo sanalembemo manambala a Kessy, poti amenewo sanali m'buku. M'gawo la zimene zaoneka anaika timizere, monga analembera mwiniwake. M'gawo la tanthauzo analemba kuti madzi apitirira muyeso wa mamita anayi, onani mkati mwa chikuto cha buku loyamba. Pa ndemanga analemba msomali woyamba pa mango, wachiwiri, wachitatu, mpaka wa khumi ndi chiwiri. Zoyeza za Kessy anaziika m'gawo lakelake, ndi tsiku limene anayeza.

Linatsala gawo la dzina la wolemba. M'mizere ina yonse kompyuta inali itadzaza yokha: umangogwira pakona n'kukokera pansi, dzina n'kutsika ngati madzi. Anagwira pakona paja, kenako anasiya. Anaika zala pa mabatani monga anaphunzirira ali mtsikana, msana wowongoka, n'kulemba Anyosisye Mwakipesile. Anatsika mzere umodzi, n'kulembanso lonse.

Ngonyani anasuzumira pakhomo ndi makiyi ake.

"Alamu, mabuku aja abwerere. Fomu yake inali ya masiku awiri."

"Dikirani pang'ono," anatero Mayi Tumpale osacheuka. "Ndili pa mzere wachitatu."